Valavu ya nthunzi ikukana kumvera siginolo, kodi pozishona ithandiza?

Mavuto: Wawa akuluakulu, mwaswera bwanji pagulu pano. Ndili ndi vuto kuntchito kuno ku Dedza, timaumitsa matabwa a paini mu uvuni wa nthunzi ndiye valavu yomwe imalowetsa nthunzi mu mapaipi a mu uvunimo yayamba zachilendo. Kontirola tayiika pa madigiri 70 koma kutentha kukumakwera mpaka 76 kenako kutsika mpaka 64 kenako kukweranso, tsiku lonse choncho, matabwa ena ayamba kung'aluka kumapeto ndipo abwana akuti vuto ndi kontirola ndiichune, ine ndachuna mpaka ndatopa palibe chikusintha. Valavu yake ndi ya mpweya, ya dayafulamu ndi sipuling'i, ilibe pozishona, pali ka I/P basi kamene kamasandutsa 4-20 mA kukhala 0.2 mpaka 1.0 bar. Mnzanga wina akuti tigule pozishona zitheka. Ndi zoona kapena tingotaya ndalama?

Kondwani Lizulu: Man imeneyo ndi geni ya kontirola yakwera, ikuyankha mwamphamvu mopyola, pa zochunira zake tsitsani P pang'ono muonjezere nthawi ya I muona ikhazikika. Ife kwathu kuno zinatichitikirapo

Mavuto: Ndatsitsa kale achimwene, chomwe chasintha ndi choti ikuchedwa kuzungulira basi koma kukwera ndi kutsika kwake ndi komweko

Che Bwanali Galaji: Ngati ndi za mpweya onani kaye dayafulamu, pa thiraki chemba ya buleki ikabooka imapanga zomwezo, mpweya umathawa buleki osagwira. Thirani madzi a sopo muone thovu

Madala Ngozo: Zikomo a Mavuto. Musanagule kanthu ndiyankheni izi. Pa chitsulo cholembedwa cha akichuweta, mutu uja wa valavu momwe muli dayafulamu ndi sipuling'i, alembapo kukula kwa dayafulamu, sipuling'i yake ndi ya mabala angati, ndipo sipindulo, kandodo kotsegula ndi kutseka valavu, imayenda mamilimita angati? Nthunzi ikubwera pa pulesha yanji? Chinanso, vutoli lisanayambe pali amene anagwira valavuyo?

Mavuto: Wawa madala. Palembedwa 350 cm², sipuling'i 0.2 mpaka 1.0 bar, kuyenda 15 mm. Mpweya ndi umene umatsegula, ukachoka sipuling'i imatseka. Nthunzi ya ku boyila ili pa 6 bar. Zogwira valavu, eya, mwezi watha inkatulutsa nthunzi pa gulandi, pomwe sipindulo imalowera mu valavu, ndiye a shifiti ya usiku anamanga manati aja mpaka inasiya kufwenthera

Madala Ngozo: Ehe. Pamenepo ndiye pali nkhani. Chitani chonchi mawa m'mawa. Ikani kontirola pa MAN kuti siginolo muziisintha nokha. Tengani maka mulembe kamzere pa sipindulo, mumangirire rula pambali pake, ngati muli ndi dayalo geji ndiye bwino kwambiri. Yambirani pa 40% mukweze ndi 1% 1% mpaka 55%, nthawi iliyonse muzidikira pang'ono muziona ngati kamzere kasuntha. Mukafika 55 mubwerere pansi ndi 1% 1% yomweyo ndipo mulembe nambala imene sipindulo yayambira kutsika. Nambala imeneyo ndi imene ndikufuna. Osathamanga, ndipo maso akhale pa sipindulo osati pa sikirini chifukwa sikirini ikukuuzani zomwe kontirola yalamula osati zomwe valavu yachita.

Kondwani Lizulu: Koma madala ngati I/P ikutulutsa pulesha yolondola valavu iyenera kutsatira basi, si ndiye ntchito ya sipuling'i imeneyo? 0.6 bar ndi theka, palibe kukambirana

Madala Ngozo: Pa benchi mu wekishopu valavu ilibe nthunzi komanso paking'i yotchinga nthunzi mu gulandi ili yomasuka mukunena zoona a Kondwani. Pa layini ndi nkhani ina. Tidikire a Mavuto abweretse manambala tiwerengere limodzi.

Mavuto: Mwadzuka bwanji nonse. Ndapanga zija. Pokwera simayenda bwinobwino, imakhala phee masitepe awiri atatu kenako nkudumpha kamodzi. Pobwerera ndiye zodabwitsa, kuchoka 55 ndatsitsa 54, 53, mpaka 46 sipindulo osagwedezeka ngakhale pang'ono, pa 45 ndi pomwe yati tsee kutsika kamodzinkamodzi. Geji ya I/P ndimaiona ikutsika bwinobwino nthawi yonseyi. Sopo ndathiranso a Bwanali palibe thovu

Madala Ngozo: Basi mwapeza. I/P yanu ilibe mlandu, kontirola ilibenso mlandu. Tiyeni tiwerenge mwa makilo kuti zimveke. Bala imodzi ndi pafupifupi kilo imodzi pa cm² iliyonse, ndiye pa dayafulamu ya 350 cm² bala imodzi ikukankha ndi makilo 350. Kuchoka 0.2 kufika 1.0 ndi 0.8 bar, ndiye kuti mphamvu yonse yomwe siginolo yanu ili nayo yoyendetsera sipindulo 15 mm zija ndi makilo 280. Inu mwapeza kuti valavu yagona 10% yathunthu pobwerera. 10% ya 280 ndi makilo 28. Makilo 28 amenewa agaweni pawiri, chifukwa pokwera paking'i imakaniza ndi makilo 14 ndiye mpweya umayenera kupitirira sipuling'i ndi 14, pobwerera sipuling'i ndi imene iyenera kupitirira mpweya ndi 14 yomweyo. Pakati pa ziwirizi sipindulo yangogwiridwa ndi paking'i, pulesha isinthe bwanji siyenda. Tsono taganizirani kontirola ili pa AUTO. Uvuni watentha kupitirira 70, kontirola ikuchepetsa siginolo pang'onopang'ono, valavu ili duu, kutentha kukupitirirabe kukwera, kontirola ikuchepetsabe mpaka 10% yatha, valavu yadumpha yatseka mopyola, uvuni wayamba kuzizira, nkhani yayambiranso mbali inayo. Mukatsitsa geni mwangoichedwetsa kontirola kuwoloka 10% ija, nchifukwa chake mwaona kuzungulira kwatalika koma sikunathe.

Kondwani Lizulu: Aaa ok apa ndamva. Ndiye pozishona imachotsa bwanji makilo 14 amenewo

Madala Ngozo: Siichotsa ayi, alipobe. Kusiyana kwake ndi uku. I/P imangotumiza pulesha yofanana ndi siginolo, yatumiza 0.6 bar yamaliza ntchito, sikudziwa ngati sipindulo yafika kapena ayi. Pozishona imamangiriridwa pa goli la akichuweta ndipo ili ndi kamkono kolumikizidwa ku sipindulo, ndiye imaona malo enieni amene sipindulo ili nkufananiza ndi malo amene siginolo ikufuna. Siginolo ikati 50% sipindulo ili pa 47 iyo imangoonjezera mpweya pa dayafulamu, 0.62, 0.65, 0.7, zilibe kanthu, mpaka kamkono kanene kuti tafika. Ikapyola imatulutsa mpweya. Kwa iyo siginolo ndi malo, pulesha ndi chida chofikira pamalopo. Zakale zija zomwe tinkagwira ku fakitale ya shuga kuchigwa zinali za mpweya wokhawokha, siginolo imalowa mu kabelozi nkukankha kamtanda, kamkono ka ku sipindulo kamakoka kamtandako mbali inayo kudzera pa kamu ndi kasipuling'i kakang'ono. Zikapanda kufanana fulapa imayandikira nozolo, pulesha kumbuyo kwa nozolo imakwera, rile imatsegula mpweya wambiri kupita ku dayafulamu. Fulapa imasuntha pang'ono kwambiri, kuchepera kukhuthala kwa pepala, koma pulesha yotuluka imasintha kwambiri, mphamvu yake ili pamenepo. Kusiyana kwa 1% kokha kumatha kubweretsa pulesha yomwe I/P ikanafuna 10% kapena kuposa kuti ipereke.

Nachisale: Mwaswera bwanji abambo. Ndimangowerenga ndili kuntchito ku Lilongwe kuno koma kwathu ndi ku Bembeke konko. Ndionjezereko pa zomwe anena a Ngozo, za masiku ano zambiri ndi za dijito, zimalandira 4-20 mA mwachindunji pa mawaya awiri omwewo ndipo magetsi ake zimatenga pomwepo, I/P ili mkati mwake ndiye yanu yakaleyo mudzaichotsa. Kamkono kamatembenuza kasensa, kakompyuta ka mkati kamafananiza. Nzeru yake ndi yomweyo. Koma a Mavuto funso langa ndi la mpweya, pozishona simapanga mpweya, imangogawa umene mwaipatsa. Leguleta yanu ili pa zingati ndipo mukatsegula kadireni pansi pa fyuluta mumatuluka chani?

Mavuto: Leguleta ili pa 1.4 bar mayi. Pa direni mumatuluka madzi ndithu makamaka m'mawa, nthawi ya June July ndiye ochuluka, nthawi zina osakanikirana ndi oyilo. Kompulesa yake ndi yomweyo timapopera matayala a thirakitala, ilibe chowumitsira

Nachisale: Imeneyo ndi imene idzakupherani pozishona yatsopano isanathe chaka. Timabowo ta mkati mwake ndi tating'ono ngati nsonga ya singano, dontho la oyilo ndi fumbi la utuchi basi yatsekeka, ndiye imayamba kuchedwa kapena kungokhala mbali imodzi. Mpweya umachoka mu kompulesa uli wofunda, ukamayenda mu paipi panja ndi kuzizira kwa ku Dedza kuja madzi amatsikira mkati momwemo. Pa bajeti yomwe mupatse abwana muikepo fyuluta yogwira oyilo ndi madzi pafupi ndi valavu, ndipo thanki ya kompulesa muzikhetsa tsiku lililonse. Chowumitsira ngati angakwanitse ndiye ndibwino koposa.

Kondwani Lizulu: Komanso pajatu Dedza ndi pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka ndiye 1.4 bar ya ku Dedza si yofanana ndi ya ku Nsanje, mwina nchifukwa valavu ikufooka

Nachisale: Ayi a Kondwani pamenepo mwasakaniza. Geji imawerenga kusiyana kwa pulesha ya mkati ndi ya kunja, ndipo dayafulamu nayo mbali inayo ili ndi mpweya wa kunja womwewo, ndiye 1.4 pa geji imakankha chimodzimodzi kulikonse. Chomwe chimavutika pamwamba ndi kompulesa, imakoka mpweya wopepuka ndiye imachedwa kudzaza thanki. Zimenezo nzoona koma sizikukhudza 10% ya a Mavuto

Che Bwanali Galaji: Ine ndiye ndingofunsa, bwanji osangomasula manati a gulandi aja abwerere mmene analili? Zaulere zimenezo

Madala Ngozo: A Bwanali funso lanu ndi labwino kuposa mmene mukuganizira. Akamasula idzayenda bwino koma nthunzi idzayambanso kutuluka, chifukwa paking'i ikafika pofuna kumangidwa chonchija ndiye kuti yatha kapena sipindulo yakandika. Mankhwala enieni ndi paking'i yatsopano ndi kuona sipindulo. Ine ndikuti zonse ziwiri zichitike, pozishona igulidwe chifukwa valavu ya nthunzi pa lupu ya kutentha imafunika pozishona ngakhale paking'i ili yabwino, koma paking'i isinthidwenso.

Mavuto: Ndabweranso akuluakulu, pepani ndinasowa. Abwana anagula pozishona ya dijito ndi fyuluta koma za paking'i akuti tidikire uvuni uzime kumapeto kwa oda yomwe tili nayo. Ndamangirira, kamkono ndinakaika kogona bwino valavu ili pa theka monga buku likunenera, pini ndaika pa nambala 15, ndinatseka nthunzi nkuyendetsa kalibuleshoni ya yokha ija, inatsegula ndi kutseka kangapo nkulemba kuti yatha bwino. Ndabwereza mayeso a rula aja, tsopano ikumva pa 1% kapena 2%, kutentha kukusewera pakati pa 69 ndi 71, abwana akusekerera. Koma pali ziwiri zikundidetsa nkhawa. Choyamba ngakhale pa MAN siginolo osasintha valavu sikukhala chete, geji ya mpweya wopita ku dayafulamu imakwera pang'onopang'ono sipindulo ili chiimire kenako sipindulo nkudumpha, sikirini kuchoka 49 kufika 52, kenako fwee kutulutsa mpweya pang'onopang'ono nkudumphanso kubwerera 48, osaleka. Chachiwiri ndikalamula 0% paipi ya kutsogolo kwa valavu ikumakhalabe yotentha ndipo mukumveka kulira kwa nthunzi mkati

Kondwani Lizulu: Kamkono kakhwefuka man, mangani pini

Madala Ngozo: Zitha kutero, ndipo ayambe nkuona komweko chifukwa nkosavuta, gwirani kamkono ndi chala muone ngati kakusewera mu mpata wake, pamakhala kawaya kasipuling'i kamene kamapanikiza pini kuti isagwedere, anthu ambiri amakaiwala mu katoni. Koma mmene afotokozera a Mavuto ine ndikuona paking'i. Kusiyanitsa kwake yang'anani zinthu zitatu nthawi imodzi, geji, sipindulo ndi kamkono. Kamkono kakakhwefuka sipindulo imayamba kuyenda kamkono kali chiimire, ndiye pozishona imaganiza kuti sipanachitike kanthu. Geni ya pozishona ikakwera mopyola zonse zimanjenjemera limodzi mwachangu osapuma. Koma geji kukwera yokha sipindulo ili duu kenako nkudumpha, imeneyo ndi paking'i yogwira. Zili ngati ngolo ya kachewere yatitimira m'matope ku Tsangano, mumakankha mukuonjezera mphamvu osasuntha, ikangozuka imathamanga kupyola pomwe mumafuna chifukwa mphamvu yoizula ndi yochuluka kuposa yoiyendetsa. Sipindulo ikangomasuka kukaniza kwa paking'i kumatsika mwadzidzidzi, pomwe mpweya mu dayafulamu ndi wopanikizika kale ndipo umafutukuka, ndiye umaiponya kupyola. Kudumpha kwakung'ono komwe valavu yanu ingathe pano ndi 3% kapena 4%, inu mukuipempha iime pa 50 ndendende, singathe, iziwoloka uku ndi uku mpaka kale.

Nachisale: Ndipo za dijitozi zambiri zili ndi I yakeyake mkati, ikaona kusiyana ngakhale kwa theka la peresenti imangoonjezera mpweya pang'onopang'ono osatopa, nchifukwa geji yanu ikukwawa choncho. Pakadali pano lowani mu menyu mupeze `DEADBAND` kapena `DEAD ZONE` malinga ndi mtundu wake, muikulitse kufika 2% kuti ikafika pafupi izingosiya. Ngati ili ndi pozimitsira I muzimitse. Pa uvuni wa matabwa kutentha kumayenda pang'onopang'ono, 2% pa valavu simudzaiona nkomwe. Koma mukasiya ikudumpha choncho usana ndi usiku paking'i yotsalayo ikutha, sipindulo ikukandika, kompulesa nayo ikungolira. Mukadzasintha paking'i mudzabwezeretse pansi nkupanganso kalibuleshoni

Madala Ngozo: Ine kukulitsa kumeneko sindikukonda kwenikweni mayi, chifukwa ndaona malo ambiri munthu akakulitsa valavu yakhala chete basi paking'i yaiwalika zaka. Koma poti oda ili mkati chitani, bola mulembe pa khadi mupachike pa valavupo.

Mavuto: Pini ili bwino kawaya kaja ndinaika. Ndakulitsa kufika 2 yakhala chete ndithu. Nanga zosatseka zija? Ndimaganiza kuti pozishona ithetsanso zimenezo

Madala Ngozo: Apa ndi pamene pozishona imathera mphamvu ndipo ndikufuna achinyamata pagulu pano mumvetse. Onani muvi pa thupi la valavu, nthunzi ikulowera pansi pa pulagi eti? Ndipo bowo la siti ndi lalikulu bwanji?

Mavuto: Eya ikulowera pansi, pa pepala la valavu alemba siti 40 mm

Madala Ngozo: Bowo la 40 mm ndi pafupifupi 12.6 cm². Valavu ikatseka pansi pali 6 bar, kutsogolo kulibe kanthu chifukwa nthunzi ya mu mapaipi yasanduka madzi, ndiye nthunzi ikukankha pulagi mmwamba ndi 12.6 kuchulukitsa 6, makilo 75. Nanga chokankhira pansi ndi chani? Valavu yanu mpweya umatsegula, wotseka ndi sipuling'i yokha. Sipuling'i yoyambira pa 0.2 bar ikakhala pa siti ili ndi 0.2 kuchulukitsa 350, makilo 70. Pozishona ikaona valavu sinatseke chomwe ingachite ndi kutulutsa mpweya wonse mpaka geji ifike 0, yatero yamaliza, ilibe njira yokokera sipindulo pansi. Ndiye 70 akulimbana ndi 75, kuonjezapo paking'i ija ikudyako 14. Valavu singatseke. Taonani geji mukalamula 0%, muipeza ili pa 0 koma sikirini ikuonetsa 2 kapena 3. Ndipo nthawi ya I/P zinali zoipa kuposa apa chifukwa pa 4 mA munkakhalabe 0.2 bar mu dayafulamu yomwe imafafaniza makilo 70 onse aja.

Mavuto: Zoona madala, geji ili pa 0 sikirini 2.6. Ndipo kuyambira kale timatseka ndi valavu ya pamanja tikamatsitsa matabwa, anthu amangoti ndi mmene ilili

Nachisale: Ndiye taganizani magetsi akazima kapena kompulesa ikaima usiku, valavu yomwe mukudalira kuti itseka yokha ikudutsitsabe nthunzi mafani a mu uvuni ataima. Imeneyi kwa ine ndi yaikulu kuposa kudumpha kuja

Kondwani Lizulu: Kwezani leguleta ifike 3 bar ipeze mphamvu

Nachisale: Kukweza kumathandiza potsegula pokha a Kondwani, potseka mpweya sukugwira ntchito iliyonse pa valavu imeneyi. Ndipo osamangokweza osaona malire olembedwa pa akichuweta

Madala Ngozo: Chofunika ndi masipuling'i olimba. Akichuweta za kukula kumeneku zimakhala ndi seti ya 0.4 mpaka 2.0 bar, funsani kwa amene anakugulitsani. Pa siti mudzakhala ndi makilo 140 kulimbana ndi 75, otsalawo ndi amene amakanikiza pulagi kuti isadonthe. Leguleta mudzaikweza kufika cha m'ma 2.4 bar kuti pozishona ikhale ndi kotsala pamwamba pa 2.0. Ubwino wina ndi uwu, mphamvu yoyendetsera 15 mm zija idzakhala 1.6 kuchulukitsa 350, makilo 560, ndiye makilo 14 a paking'i omwe anali 5% adzakhala 2.5%, kudumpha kudzachepa ndi theka musanagwire nkomwe gulandi. Ndi I/P ya 0.2 mpaka 1.0 simukanatha kuika masipuling'i amenewa chifukwa ikanatsegula valavu osafika ndi theka lomwe, pozishona ndi imene yakutsegulirani njira imeneyi poti iyo sisamala kuti pakufunika pulesha yanji bola ilipo. Koma chonde pomasula chivindikiro cha akichuweta, masipuling'i amakhala opanikizidwa kale. Chotsani mpweya, masulani mabawuti aafupi kaye, aatali aja akhale omaliza ndipo muziwamasula mosinthanasinthana pang'onopang'ono. Za paking'i nazo, nthunzi itsekedwe mbali zonse, pulesha ikhetsedwe, valavu izizire.

Che Bwanali Galaji: Zofanana ndi chemba ya handibuleki ya thiraki, sipuling'i yake imavulaza anthu. Pamenepo mverani madala

Mavuto: Ndamva. Paking'i ndiitanitse ya mtundu wanji? Yomwe ilimo ndi ya gilafaiti

Nachisale: Ine ndikanaika ya tefuloni yokhala ndi sipuling'i yake. Nthunzi ya 6 bar ili pa madigiri pafupifupi 165, tefuloni imapirira mpaka cha m'ma 200, ndipo imaterera kwambiri kuposa gilafaiti, pozishona yanu ipuma. Ife kuno mavalavu a nthunzi ya pulesha yotere ambiri ali ndi tefuloni

Madala Ngozo: Pa manambala mukunena zoona mayi koma ine pa nthunzi ndimakhulupirira gilafaiti. Boyila ya nkhuni ndi utuchi ngati ya a Mavuto pulesha yake simakhazikika, ndipo valavu yomwe imatentha ndi kuzizira pafupipafupi tefuloni imafwamphuka nkuyamba kudontha, ndiye a shifiti ya usiku abweranso ndi sipanala. Gilafaiti yatsopano yomangidwa mwa muyeso pa sipindulo yosalala pozishona imaikwanitsa bwinobwino.

Nachisale: Nchifukwa ndati yokhala ndi sipuling'i abambo, imadzimanga yokha palibe chogwira ndi sipanala. Koma sipindulo ikakhala yokandika ndiye tefuloni singachedwe kutha, pamenepo ndikuvomera

Madala Ngozo: Ndiye aione kaye sipindulo. A Mavuto mukamasula muyendetse chikhadabo pamene pamakhala paking'i, chikakodwa ndiye kuti pali mzere, komanso muigubuduze pa galasi muone ngati sinapindike. Chinanso muchite musanamasule ndiponso mukamaliza, nthunzi ili yotseka, bweretsani valavu pa 50% kuchokera pansi mulembe geji, kenako mubwere pa 50% kuchokera pamwamba mulembenso. Pano muyenera kupeza cha m'ma 0.64 ndi 0.56. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye kugwira kwa paking'i, ndipo poti tsopano pozishona izibisa vutoli kwa kontirola, geji imeneyo ndi yokhayo idzakuuzeni kuti gulandi yayambanso kulimba. Lembani pa khadi lija.

Mavuto: Kageji kali pa pozishonapa ndi kakang'ono, 0.64 ndi 0.56 sindingazisiyanitse bwino, ndibwereka ya dijito kwa anzathu a mafiriji pa boma. Uvuni uzima Loweruka, masipuling'i akuti achokera ku Joni ndiye achedwa koma sipindulo ndiijambula ndiponye pano muione nonse musanandiuze paking'i yoti ndiitanitse

Kondwani Lizulu: Mujambulenso chitsulo cholembedwa cha akichuweta man, ndikufuna ndione malire a pulesha, yathu ya kuno ndikukayika kuti nayo ili ndi sipuling'i ya 0.2 yomweyo